Matchati Atatu Amene Bwana Angamve pa Mphindi Imodzi

Lolemba m'mawa manejala alibe nthawi yowerenga lipoti la masamba 20. Akufuna kudziwa kumene kukufuka utsi kuti atumize anthu. Imeneyi ndiyo ntchito ya dashibodi, tsamba limodzi la pa kompyuta lokhala ndi matchati ochepa osonyeza mmene ntchito ikuyendera. Stephen Few, amene analemba buku lodziwika pa nkhaniyi mu 2006, anatsindika kuti zonse zizikwana pa sikirini imodzi, munthu asamachite kutsikira m'munsi kukafunafuna.

Tiyerekeze bizinesi yogulitsa feteleza ndi mbewu, yokhala ndi masitolo atatu: ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Mchinji. Musanatsegule Excel kapena Google Sheets, khalani pansi ndi manejalayo muwafunse kuti, "Bwana, kodi sabata iliyonse mumagamula zinthu ziti?" Tinene kuti ayankha zitatu: ngati malonda akukwera kapena akutsika, sitolo imene yatsalira m'mbuyo, ndiponso katundu woyenera kuitanitsidwa lero. Funso lililonse lipeze tchati chake. Manambala ena onse, ngakhale munawavutikira, atsale pa tsamba lina.

Choyamba ndi tchati cha mzere chosonyeza malonda a sabata ndi sabata. Nambala ikakhala yokha sinena kanthu, choncho jambulani mizere iwiri: wa chaka chino wakuda bii, wa chaka chatha wotuwa. Feteleza amayenda kwambiri mvula ikayandikira, ndiye kuyerekeza Novembala ndi Julayi n'kudzinamiza. Novembala ayerekezedwe ndi Novembala mnzake. Werengani matumba, osati ndalama zokha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, moti sitolo ikanatha kuonetsa makwacha ochuluka pamene matumba otuluka pakhomo achepa. Sabata imene sinathe musaiike, chifukwa mzere udzaoneka ngati wagwera kuphompho.

Chachiwiri ndi cha timizati toyerekeza masitolo, tosanjidwa kuyambira kakatali mpaka kakafupi. Ambiri amakonda tchati chozungulira chogawidwa m'zigawo, koma kafukufuku wa Cleveland ndi McGill wa mu 1984 anaonetsa kuti diso limayerekeza bwino timizati toyambira pamzere umodzi kusiyana ndi zigawo zotere. Timizatito tiziyambira pa ziro. Ngati Lilongwe yagulitsa za K42 miliyoni, Kasungu za K40 miliyoni, koma tchati n'kuyambira pa 38, mzati wa Lilongwe udzatalika kawiri kuposa wa Kasungu, chikhalirecho kusiyana ndi 5 peresenti basi. Munthu wosalakwa angakalipiridwe chifukwa cha tchati chotere.

Chachitatu ndicho ndimachiona chofunika koposa, ndipo n'chimene ambiri amachilakwitsa posonyeza kuchuluka kwa matumba ali m'nyumba yosungira katundu. Taonani: ku Mchinji kuli matumba 240 a yureya ndi mapaketi 60 a mbewu ya soya. Poyang'ana mwachangu, bwana adzadera nkhawa soya. Koma yureya akutuluka matumba 30 pa tsiku, kutanthauza kuti atha m'masiku 8, pamene soya akutuluka mapaketi 2 pa tsiku, ndiye akhalapo masiku 30. Ngati katundu amatenga masiku 10 kuti afike kuchokera tsiku loitanitsa, yureya wachedwa kale ndi masiku awiri. Choncho tchati chisonyeze masiku otsala. Katundu wotsala akakhala mu B2, wotuluka pa tsiku mu C2, lembani:

```
=B2/C2
```

Nambala ya mu C2 ichokere m'malonda a masabata awiri apitawa, chifukwa ya chaka chonse imabisa chipwirikiti cha nyengo yobzala. Mzati uliwonse wosafika masiku 10 ukhale wofiira, ina yonse yotuwa. Mtundu wofiira usaonekenso kwina pa tsambalo.

Pansi pa zonsezi pali tebulo limodzi lolembedwa bwino: mzere uliwonse ukhale ndi deti, sitolo, katundu, kuchuluka ndi ndalama. Vuto lofala ndi kalembedwe. Wina akalemba "Kasungu", wina "KU", PivotTable imaziona ngati masitolo awiri, ndipo Kasungu imaoneka yofooka. Mudzazindikira mukaona kamzati kachinayi pamene masitolo ndi atatu, kapena chiwonkhetso chikasiyana ndi cha akauntanti. Data Validation imathetsa vutoli, pakuti munthu amangosankha dzina pamndandanda.

Mitu ya matchati izinena chimene chachitika. "Yureya wa ku Mchinji atha m'masiku 8" ndi mutu wothandiza kuposa "Katundu wotsala", kungoti muyenera kuusintha sabata iliyonse. Pamwamba lembani tsiku limene manambala analowetsedwa komaliza. Kenako patsani tsambalo munthu amene sanalionepo, mumulandenso pakatha masekondi 60, n'kumufunsa chimene angachite lero. Akapanda kutchula yureya wa ku Mchinji, kwezani tchati chachitatu chikhale pamwamba kumanzere, pamene diso limayambira kuwerenga, muyesenso ndi munthu wina.