Maminitsi a bungwe satayidwa pamodzi ndi malisiti

Bungwe lolembetsedwa ku boma likafuna kusintha anthu osainira ndalama, a kubanki amayamba afunsa maminitsi a msonkhano umene unagwirizana zimenezo, osainidwa ndi wapampando ndi mlembi. Apa m'pamene makomiti ambiri amatulukira kuti buku lija linapita ndi mlembi wakale, kapena chiswe chinalidya kalekale.

Nanga asungidwe zaka zingati? Yambani mwaona malamulo a bungwe lanu ndi lamulo limene munalembetsera. Komabe ganizirani za milandu. Ku Malawi, munthu amene mwaswa naye pangano ali ndi zaka 6 zoti akasume kukhoti, ndipo pa nkhani ya malo zakazo zimafika 12. Tiyerekeze kuti bungwe la alimi linagula puloti mu 2015, ndiye mu 2024 mmodzi mwa matrasti akale n'kuyamba kunena kuti malowo ndi ake. Lisiti ingoonetsa kuti ndalama zinatuluka. Chonena kuti msonkhano waukulu unamutuma kukagula m'dzina la bungwe ndi maminitsi. Akanakhala kuti anawatentha patatha zaka zisanu poyeretsa mu ofesi, umboni ukanapsera pomwepo. N'chifukwa chake ine ndimati maminitsi a msonkhano waukulu wa pachaka ndi a matrasti asungidwe nthawi yonse imene bungwe lilipo. Malisiti a shuga wa pamsonkhano ndiwo angatayidwe nthawi yake ikakwana.

Buku likhale losokedwa, la masamba a manambala, kuti wina akang'amba tsamba zidziwike. Likhale m'kabati yachitsulo yokiya, pamwamba ndithu. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy ku Blantyre mu 2023 sangatsutse. Maminitsi akangosainidwa, ajambuleni, muwasunge ngati PDF pa imelo ya bungwe imene anthu awiri akudziwa kalowedwe kake. Foni ya mlembi si kabati: ikabedwa kapena mwini wake akakwiya, zonse zapita.

Kusaina pa kompyuta n'kololedwa, pakuti lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa intaneti limavomereza siginecha yotere. Koma kumata chithunzi cha siginecha ya wapampando pansi pa chikalata n'kofooka kwambiri, poti aliyense amene ali ndi chithunzicho angachimate paliponse. Siginecha yodalirika imamangirira dzina la wosaina ndi nthawi ku fayilo yeniyeniyo. Wina akasintha K500,000 kukhala K5,000,000, pulogalamu yotsegulira PDF imachenjeza kuti chikalata chasinthidwa chisainidwireni. Imeneyi sungani fayilo yake, chifukwa mukangosindikiza papepala chitetezo chija sichipita nawo.

Ndipo musasaine msonkhano wotsatira usanawerenge ndi kuvomereza maminitsiwo. Cholakwika chikapezeka pambuyo, musakhudze fayilo yosainidwa. Chikonzedwe m'maminitsi a msonkhano winawo. Mufunsenso kubanki kwanu musanatumize, chifukwa ena amafunabe siginecha ya bolopeni.