Timatumba ta m'Mapapo: Pamene Mpweya Umalowera m'Magazi

Munthu akapuma, mpweya umatsika m'kholingo n'kulowa m'njira zimene zimagawikanagawikana pafupifupi ka 23, ndipo iliyonse imachepa kuposa inzake. Koma m'njira zambiri mwa zimenezi mpweya umangodutsa. Ntchito yeniyeni imachitika kumapeto, m'timatumba tating'ono kwambiri timene madokotala amati alivyoli. Katswiri wa ku Italy, Marcello Malpighi, ndi amene anayamba kutifotokoza mu 1661, ataunika mapapo a nyama pa maikulosikopu. M'mapapo a chule anaonanso timitsempha ta magazi titakuta mapapowo.

Kathumba kamodzi n'kotambalala pafupifupi kota ya milimita, ndipo munthu wamkulu ali nato pakati pa 300 ndi 500 miliyoni. Khoma lake ndi maselo oyalidwa mzere umodzi basi, ndipo ambiri mwa malo ake, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse, amakutidwa ndi maselo ophwatalala kwambiri. Kuseri kwa khomalo kuli timitsempha topanikiza moti maselo ofiira a magazi amadutsamo mondondozana, limodzilimodzi. Pamalo popyapyala kwambiri, mtunda wochoka pa mpweya kufika pa magazi sukwana n'komwe gawo limodzi la milimita itagawidwa ka 1,000.

Chifukwa chake n'chakuti palibe chimene chimapopera okosijeni m'magazi. Minofu ya m'chifuwa imakoka mpweya kuufikitsa m'mapapo, mtima umabweretsa magazi, koma kuwoloka khomalo okosijeni amawoloka yekha, kuchoka kumene wachuluka kupita kumene wachepa. Mu 1855 Adolf Fick wa ku Germany anafotokoza lamulo la kayendedwe kotereka. M'mapapo lamuloli limatanthauza kuti mpweya wambiri umawoloka ngati malo owolokera ali aakulu, ngati khoma lili lopyapyala, komanso ngati mbali imodzi ili ndi mpweya wochuluka kuposa inayo. Mayi amene wachoka kuchigayo amalidziwa lamuloli ndi manja ake. Ufa wachinyezi akausiya m'dengu umachita nkhungu, koma akauyanika pa mphasa n'kuusalaza kuti upyapyale, dzuwa lisanapendeke wauma.

Tiyeni tiwerengere kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Malita atatu a mpweya titawaika m'thumba limodzi lobulungira, thumbalo lingakhale masentimita pafupifupi 18 kutambalala kwake, ndipo khoma lake lonse lingakwane gawo limodzi mwa magawo 10 a sikweya mita. Tsopano mpweya womwewo tiugawe m'timatumba ta kota ya milimita. Tingapeze timatumba toposa 360 miliyoni, ndipo makoma ake onse pamodzi angakwane masikweya mita pafupifupi 70, kufanana ndi malo a mamita 7 m'lifupi ndi 10 m'litali. Mpweya ndi womwewo, chifuwa n'chomwecho, koma malo owolokera achuluka ka 700. Khungu lonse la munthu wamkulu silifika n'komwe masikweya mita awiri nthawi zambiri. N'chifukwa chake thupi limene limafuna mamililita pafupifupi 250 a okosijeni pa mphindi, munthu atangokhala pansi, silingadalire thumba limodzi lalikulu.

Kwa ine, chogometsa kwambiri ndi nthawi. Munthu akakhala phee, selo lofiira limatha pafupifupi makota atatu a sekondi likudutsa pafupi ndi kathumbako. Limafika lili lakuderapo, litasiya okosijeni wina m'thupi, koma pa kota yoyamba yokha himogulobini wake amakhala atadzaza kale. Makota awiri otsalawo ndi nthawi yosungira tsiku la mavuto. Munthu akayamba kuthamanga, mtima umathamangitsa magazi, nthawi yodutsa imatsika kufika pafupi ndi kota imodzi ija, komabe selo limachoka litadzaza. Kaboni dayokisaidi, amene ambiri timangoti mpweya woipa, amatuluka pa khoma lomwelo, ndipo amawoloka mosavuta pafupifupi ka 20 kuposa okosijeni chifukwa amasungunuka msanga m'madzi. Choncho khoma likayamba kuvuta, choyamba kusowa m'magazi chimakhala okosijeni.

Nthawi yosungidwa ija ndi imene imabisa matenda. Taganizirani za amuna a kuno amene anapita kukagwira ntchito kumigodi ya golide ku Joni. Fumbi la mwala lopyapyala kwambiri linkafika mpaka m'timatumbati. M'menemo muli maselo oyeretsa amene amameza fumbi ndi tizilombo, koma fumbi la mwala amalephera kuligaya, ndipo pamapeto pake mapapo amachita zipsera n'kuuma. Awa ndi matenda a silikosisi. Mapapo azipsera amachedwa kuwolotsa okosijeni, koma munthu atakhala pa khonde nthawi imakwanirabe, moti aliyense amati ali bwino. Angonyamula khasu kapena kukwera kachitunda, magazi amadutsa asanadzaze, befu n'kumugwira. N'chifukwa chake kuchipatala nthawi zina amamuyendetsa kaye wodwala asanawerengenso kachipangizo kopanira chala kaja. Kwa munthu wabwinobwino kamasonyeza 95 kapena kuposerapo, ndipo kutsika kwa nambalayo poyenda kumaulula zimene kukhala pansi kunabisa.

Chibayo chimatseka njira mwa mtundu wina, chifukwa timatumba timadzaza madzi ndi mafinya, ndipo magazi amadutsa pamalo popanda mpweya. Utsi wa fodya ndiye umalanda malo. Pakapita zaka, makoma a pakati pa timatumba amaphwasuka, timatumba tambiri n'kusanduka mphako imodzi yaikulu. Matendawa amatchedwa emfizima, ndipo ndi kuwerengera kwathu kuja kukubwerera m'mbuyo. Chifuwa chimakhala chodzaza mpweya, mwinanso chotukumuka, koma mwini wake akubanika.

Kupyapyalaku kumabwera ndi vuto lake. Mkati mwa kathumba mumayenera kukhala chinyezi, koma madzi amakokana okhaokha, ndipo m'kathumba kakang'ono chonchi kukokanako kukhoza kukafwapula munthu akatulutsa mpweya. Thupi limathana nazo kudzera m'maselo a mtundu wachiwiri a pa khoma lomwelo, amene amatulutsa madzi amafutamafuta otchedwa safakitanti ochepetsa kukokanako. Mwana wobadwa masiku asanakwane amakhala alibe safakitanti wokwanira, mfundo imene Mary Ellen Avery ndi Jere Mead anaisonyeza mu 1959. Mwana wotere amabuula popuma, timphuno timatukuka, pansi pa nthiti pamalowa mkati, chifukwa kupuma kulikonse akulimbana ndi timatumba tomatana. Makina a Pumani, amene anayesedwa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, amathandiza ana oterewa powapatsa mpweya wokankha pang'onopang'ono mosalekeza kudzera m'mphuno, kuti timatumbato tisafwape.

Chibayo chikachizidwa msanga, timatumba timayera n'kuyambiranso ntchito. Koma makoma ophwasuka ndi fodya sameranso, ndipo zipsera za fumbi la mwala sizichoka. Chimene chingatheke n'kuteteza zotsalazo. Ngati chitunda chimene munkakwera mukucheza ndi anzanu tsopano chikukuimitsani panjira, musangoti n'kukalamba. Pitani kuchipatala, muwauze ntchito zimene munagwirapo ndi utsi umene mwakhala mukupuma, ndipo muwapemphe akuyezeni mutayenda, osati mutangokhala pa benchi.