Bondi Ikatsika Mtengo Boma Lisanaphonye Kulipira

Kumayambiriro kwa chaka cha 2022, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, imakhazikitsa kuti mabanki ena aziyenderapo chinali pa 12 peresenti. Pofika mu February 2024 chinali chitakwera kufika pa 26 peresenti. Anthu okongola kumabanki anamva kuwawa kwake nthawi yomweyo. Koma panalinso ena amene kukweraku kunawakhudza mwakachetechete: mabanki, makampani a inshuwalansi, mabungwe osunga ndalama za penshoni ndi anthu wamba amene anali atakongoza boma pogula mabondi chiwongoladzanja chikadali chotsika. Zikalata zawo sizinasinthe ngakhale chilembo chimodzi, koma mtengo umene akanazigulitsira unatsika.

Bondi ndi chikalata cha ngongole. Boma kapena kampani ikafuna ndalama, imagulitsa chikalatachi ndi malonjezo awiri: kulipira chiwongoladzanja chokhazikika, chimene a zachuma amachitcha kuponi, pa nthawi zoikika, komanso kubweza ndalama yonse yolembedwa pachikalatapo tsiku limene ngongoleyo ikutha. Kuno kwathu Reserve Bank ndiyo imagulitsa zikalata zotere m'malo mwa boma, zina za zaka ziwiri, zitatu, zisanu, mpaka khumi. Amene wagula sakakamizidwa kudikira mpaka mapeto, akhoza kugulitsa kwa wina pakati pa ulendo. Nkhani yonse ya mitengo yagona pa kugulitsana kumeneku.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wina wopuma ntchito wagula bondi ya K100,000 yolipira 10 peresenti pachaka. Chaka chilichonse amalandira K10,000. Kwatsala zaka zitatu kuti abwezeredwe K100,000 yake, koma denga la nyumba layamba kudontha ndipo akufuna ndalama lero. Tsoka ilo, chiwongoladzanja chakwera, ndipo mabondi atsopano a zaka zitatu akulipira 15 peresenti.

Ndani angamupatse K100,000 pa chikalata chobereka K10,000 pachaka, pomwe ndalama yomweyo ikhoza kugula chatsopano chobereka K15,000? Palibe. Kuponi ya mphunzitsiyu singakwezedwe, pakuti inalembedwa kale pa pangano. Chinthu chokha chimene chingasunthe ndi mtengo, ndipo uyenera kutsika mpaka wogulayo aone kuti nayenso apeza 15 peresenti yakeyo.

Utsika kufika pati? Masamu ake ndi ofunsa funso limodzi katatu: kodi ndalama imene ibwere mtsogolo ndi yofanana ndi ndalama zingati za lero? Ngati ndalama ikubereka 15 peresenti, munthu amene wasungitsa K8,696 lero adzakhala ndi K10,000 chaka chamawa, choncho kuponi yoyamba mtengo wake lero ndi K8,696. Kuponi yachiwiri, yodikira zaka ziwiri, ndi K7,561. M'chaka chachitatu mudzabwera K110,000, kuphatikiza kuponi yomaliza ndi ndalama yobwezedwa, ndipo mtengo wake lero ndi K72,327. Zitatuzi pamodzi zikukwana K88,584. Umenewu ndiwo mtengo umene wogula wodziwa masamu angavomere, ndipo mphunzitsi uja akagulitsa ataya K11,416, ngakhale boma silinaphonye kumulipira tsiku ndi limodzi lomwe.

Tsopano wogulayo wapeza chiyani? Ambiri amafulumira kugawa K10,000 ndi K88,584 n'kunena kuti phindu lake ndi 11.3 peresenti. Kuwerengera kumeneku n'kopereŵera, chifukwa kwaiwala kuti zaka zitatu zikatha munthuyu adzalandira K100,000 yathunthu pa chikalata chimene anagula motchipa. K11,416 yapamwambayo ndi phindunso. Makuponi onse ndi ndalama yapamwambayi zikaikidwa pamodzi, poganiziranso nthawi imene chilichonse chikufika, phindu la pachaka likukwana 15 peresenti. Nambala imeneyi ndiyo phindu la mpaka pamapeto, limene ogulitsa mabondi amangoti yilidi: chiwongoladzanja chimodzi chimene chimafananitsa malipiro onse otsala ndi mtengo umene munthu walipira lero.

Choncho mtengo ndi yilidi ndi nkhani imodzi yonenedwa m'njira ziwiri. Bondi yogulidwa pa mtengo wake wolembedwa, yilidi yake imafanana ndi kuponi. Yogulidwa motsika imakhala ndi yilidi yoposa kuponi, ndipo chiwongoladzanja chikanatsika m'malo mokwera, mphunzitsi uja akanagulitsa moposa K100,000.

Kugwa kwa mtengoku sikufanana pa mabondi onse. Bondi ya mphunzitsiyo ikanatsala ndi chaka chimodzi chokha, ikanagulidwa pa K95,652, chifukwa wogula akanapirira kuponi yochepa kwa kanthawi. Ikanatsala ndi zaka khumi, mtengo ukanagwa kufika pafupifupi K74,900. Kukwera kwa chiwongoladzanja n'komweko, koma wina wataya ndalama yosafika pa 5 peresenti pomwe wina wataya gawo limodzi mwa magawo anayi. Amene akuganiza zogula bondi ya zaka zambiri pokopeka ndi kuponi yake yonona ayenera kuyamba wadzifunsa ngati sadzafuna ndalamayo nthawi isanakwane.

Banki ina ya ku America, Silicon Valley Bank, inagwa chifukwa cha funso lomweli. Inaika ndalama zambiri za makasitomala ake m'mabondi a nthawi yaitali pamene chiwongoladzanja chinali pafupi ndi ziro. Kuyambira mu March 2022 banki yaikulu ya dzikolo inayamba kukweza, ndipo pasanathe chaka inali itadutsa 4.5 peresenti. Mabondiwo anali abwinobwino, ambiri otsimikizidwa ndi boma, ndipo akanasungidwa mpaka mapeto akanabweza ndalama yonse. Koma makasitomala anayamba kutapa ndalama zawo, bankiyo inagulitsa mabondi a madola pafupifupi 21 biliyoni n'kuluza 1.8 biliyoni. Nkhani itamveka, anthu anathamangira kuchotsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ndipo pa 10 March 2023 akuluakulu a boma anaitseka.

Yilidi ili ndi malire ake, ndipo wogula ayenera kuwadziwa. Nambalayi imakwaniritsidwa pokhapokha munthu atasunga bondi mpaka tsiku lomaliza, wokongolayo atalipira zonse pa nthawi yake, ndiponso kuponi iliyonse itaikidwanso pomwe ibereke mofanana. Wolandira kuponi n'kugulira feteleza sanalakwe, koma chuma chake sichikula ndi 15 peresenti yodzionjezera chaka ndi chaka. Komanso yilidi siyiwerengera kukwera mitengo kwa zinthu. Phindu la 15 peresenti m'chaka chimene katundu wakwera ndi 25 peresenti limasiya munthu akugula zochepa kuposa kale.

Chomaliza n'chakuti yilidi ikakwera modabwitsa, nthawi zina chakwera si chiwongoladzanja cha pamsika, koma mantha. Ogula akakayika ngati wokongola adzabweza, amapereka mtengo wotsika kwambiri, ndipo masamu amaonetsa phindu lalikulu la papepala. Mabondi a Zambia ogulitsidwa kunja m'madola anafika potero dzikolo lisanalephere kulipira kuponi ya madola 42.5 miliyoni mu November 2020. Njira yosiyanitsira ndi kuyerekeza ndi mabondi ena a zaka zofanana ndi a ndalama yamtundu umodzi: ngati onse atsika mtengo pamodzi, chasuntha ndi chiwongoladzanja, koma ngati watsika ndi wa wokongola mmodzi yekha, msika ukukayika za iyeyo.