Gemu yakana, mpikisano wayandikira

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka masana mu kafe ya intaneti, ndipo kwatsala mphindi 20 kuti mpikisano wa Dota 2 uyambe. Gemu imeneyi amasewera anthu asanu mbali iliyonse, choncho pafunika makompyuta 10. Imodzi yakana. Akangotsegula gemu, pasikirini pakubwera uthenga woti fayilo ina yothera ndi .vpk yawonongeka.

"Achimwene, tingoifufuta n'kuikamo ina," akutero wosewera wina, thukuta lili kamukamu.

Mnyamata wa pakafepo akukana, ndipo akukhoza. Dota 2 imafuna malo okwana 60 GB, ndipo kuikopanso yonse pa intaneti yapang'onopang'ono ndi ntchito ya maola. Iye akudziwanso gwero la vutoli: usiku magetsi anathima gemu ikulandira zatsopano, fayilo ina n'kulembedwa theka. Zina zonse zili bwinobwino.

Pulogalamu ya Steam, imene gemuyi imayendera, ili ndi mankhwala ake. Umadina dzina la gemu ndi batani lakumanja la mbewa, n'kusankha Properties, kenako Installed Files, kenako Verify integrity of game files. Steam imawerenga fayilo iliyonse, kuiyerekeza ndi mmene iyenera kukhalira, n'kukopanso zowonongeka zokha. Koma kuwerenga konseko kumadya nthawi, makamaka pa diski yakale yozungulira, ndipo nthawi ndi imene palibe.

Apa m'pamene pali luso lake. Makompyuta enawo ali ndi gemu yomweyo, ndipo ikuyenda. Akulemba dzina la fayilo yowonongekayo papepala, akutseka Steam kotheratu, akupita pa kompyuta yoyandikana n'kutsegula foda iyi:

```
steamapps\common\dota 2 beta\game\dota
```

Akukopera fayilo ya dzina lomwelo pa fulashi, n'kukaiika m'malo mwa yowonongekayo. Fayilo imodzi sitenga ngakhale mphindi ziwiri. Gemu ikutseguka, ndipo osewera akukhala pansi nthawi isanakwane.

Njira yachiduleyi imagwira ntchito pokhapokha makompyuta awiriwo ali ndi gemu ya mtundu umodzi. Ngati magetsi anathima zatsopano zambiri zisanalowe, kusintha fayilo imodzi kungobweretsa uthenga wina wa fayilo ina. Zikatero ndi bwino kukopera foda yonse ya dota 2 beta, pamodzi ndi kafayilo ka appmanifest_570.acf kamene kamauza Steam mtundu wa gemu imene ili pakompyutapo. Pa netiweki ya mawaya yothamanga bwino, yonyamula pafupifupi 100 MB pa sekondi, 60 GB imadutsa m'mphindi ngati 10. Pa yakale ya 100 Mbps imatenga kupitirira ola, mpikisano utapita kale.

Masewera akatha, mnyamatayo akuyendetsabe Verify ija. Mafayilo akamawonongeka mobwerezabwereza pa kompyuta yomweyo magetsi osathima, ndiye kuti diski kapena RAM yayamba kufa, ndipo kompyutayo isapatsidwenso wosewera mpaka itakonzedwa.