Puloti ya pa foni: momwe akathyali amadyera dipoziti ya ofuna malo

Chinyengo cha malo chomwe chikuvutitsa anthu masiku ano sichifuna kuti wakuba afike m'mudzi. Chimayamba ndi chithunzi cha puloti kapena nyumba ya lendi chomwe chaikidwa pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp, mtengo wake uli wotsika moti munthu amaopa kuti akachedwa ena amulanda.

Kayendedwe kake kamaoneka bwino m'chitsanzo chongoyerekeza ichi. Mayi wina wochita geni waona puloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali pafupi ndi msika, pa mtengo wa K2,500,000, pomwe mapuloti oyandikana nayo amagulidwa pa K4,000,000. Ataimba foni, wogulitsa akuyankha mwaulemu kuti ali ku Joni, ndipo akugulitsa motchipa chifukwa cha matenda pakhomo. Akumulondolera bwino lomwe: "Mayi, mukadutsa pa mjigo, mupotolokere kumanja, muona mtengo wa mango." Mayiyo akupita, ndipo pulotiyo akuipezadi monga inalili pa chithunzi.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kupezeka kwa malowo kumangotsimikiza kuti malo alipo. Sikunena kanthu za mwini wake. Aliyense wodutsa pa msewu angathe kujambula puloti yomwe yakhala nthawi yaitali osamangidwa, ndipo akathyali amasankha dala malo omwe eni ake amakhala kutali. Ngakhale mnyamata yemwe nthawi zina amatumidwa kukaonetsa malire amangokhala waganyu, wolipidwa pang'ono, wosamudziwa n'komwe womutumayo.

Madzulo a tsiku lomwelo uthenga ukufika wonena kuti pali munthu wina yemwe abwera ndi ndalama mawa, choncho mayiyo atumize K300,000 ya dipoziti kuti malowo asungidwe. Pofuna kumulimbitsa mtima, wogulitsa akutumiza chithunzi cha chitupa cha unzika ndi cha kalata yokhala ndi chidindo cha mfumu. Zithunzi zotere n'zosavuta kuzipeza: kawirikawiri chitupacho chimakhala cha munthu wina yemwe ananamizidwa kale m'njira yomweyi, atauzidwa kuti atumize chake kuti alemberane mgwirizano. Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, dzina lomwe likuoneka pa foni likusiyana ndi la pa chitupa, koma yankho lilipo kale, lakuti nambalayo ndi ya mlamu. Ndalama zikangolowa zimakatapidwa kwa ajenti mwamsanga, ndipo zotapidwa kale n'zovuta kwambiri kuzibweza. Sabata isanathe pakubwera pempho lina la K150,000, ati ya opima malo. Mayiyo akaumirira kuti aonane kaye, foni ija siipezekanso.

Sikuti aliyense wogulitsa ali kunja ndi wakuba, poti Amalawi ambiri ali ku Joni ndipo ali ndi malo kwawo kuno. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini weniweni amakhala ndi mizu: ali ndi abale odziwika m'mudzimo, anansi a malowo amamutchula dzina, ndipo akatuma womuimirira amamupatsa kalata ya mphamvu yolembedwa mwalamulo. Munthu wotere sakwiya wogula akapempha masiku angapo ofufuzira.

Kufufuzako kumadalira mtundu wa malo. Ngati ndi malo a makolo, wogula apite yekha kwa nyakwawa ndi kwa a gulupu, osati kuimba nambala ya "mfumu" yomwe wapatsidwa ndi wogulitsayo, chifukwa woyankha angakhale mnzake wa kathyali. M'madera momwe munakhazikitsidwa makomiti a malo motsatira lamulo la malo a makolo la 2016, komitiyo ifunsidwenso. Ngati ndi malo a lizi, nambala ya puloti iperekedwe ku ofesi ya za malo kuti afufuze m'kaundula dzina la mwini wake, ndiponso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Ofesi ya za malo ya khonsolo imalangiza komwe kafukufukuyo angachitikire.

Pa nyumba za lendi nkhani njachidule. Wofuna nyumba alowe m'kati, aone kuti womuonetsayo ali ndi makiyi, afunse anansi dzina la landilodi. Dobadoba wonena kuti makiyi abwera ndalama ya miyezi itatu ikatumizidwa angakhale atauza anthu asanu mawu omwewo.

Yemwe watumiza kale ndalama aimbire kampani ya foniyo nthawi yomweyo, mwina ndalamazo zisanatapidwe, kenaka akadandaule kupolisi, pakuti kutenga ndalama mwachinyengo ndi mlandu. Asafufute mauthenga. Uthenga wotsimikiza kutumiza ndalama uli ndi nambala, dzina la wolandira, tsiku ndi nthawi, ndipo ndi pomwe apolisi amayambira.