Sukulu ngati mpamba: phindu lake limawerengedwa bwanji?

Akatswiri a zachuma akamakamba za sukulu amalankhula ngati amalonda. Amafunsa kuti zalowa ndalama zingati, zidzabwerera liti, ndipo phindu lake ndi lotani. Kwa iwo, nzeru ndi luso zimene munthu amapeza kusukulu kapena pophunzira ntchito ya manja ndi mpamba, koma mpamba wokhala mwa munthu. Umalipiridwa lero, phindu lake n'kumabwera pang'onopang'ono kudzera m'malipiro, kwa zaka zonse zimene munthuyo adzagwire ntchito.

Maganizowa ndi akale. M'chaka cha 1776, Adam Smith wa ku Scotland adalemba kuti munthu amene wataya nthawi ndi ndalama zambiri pophunzira ntchito yovuta amafanana ndi makina odula. Wogula chigayo amayembekeza kuti chisanathe ntchito chidzakhala chitabweza ndalama zogulira, n'kusiyanso phindu. Smith adati malipiro a munthu wophunzira amayeneranso kubweza zimene zidalowa pa maphunziro ake, apo ayi palibe amene angadzivutitse kuphunzira ntchitoyo.

Padapita zaka zambiri anthu asanayambe kuwerengera nkhaniyi ndi manambala. Mu 1961, Theodore Schultz wa ku yunivesite ya Chicago adasonyeza kuti chuma cha dziko la America chinkakula mofulumira kuposa mmene malo, makina ndi chiwerengero cha antchito zinkachulukira. Adati gawo lalikulu la kusiyanako lidachokera mwa antchitowo, chifukwa ankadziwa zambiri kuposa makolo awo. Mnzake, Gary Becker, adatulutsa buku mu 1964 lofotokoza mmene munthu payekha angayezere ngati maphunziro ena ake angamupindulire.

Pa kawerengedwe kameneka, chimene anthu ambiri amaiwala ndi chakuti fizi si mtengo wonse wa sukulu, ndipo nthawi zambiri si gawo lalikulu. Munthu akakhala m'kalasi sakhala kumunda, kumsika kapena ku ganyu. Ndalama zimene akadapeza kumeneko nazonso zalowa pa sukulu, ngakhale palibe lisiti lake.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, osavuta kuwerengera. Mnyamata wa zaka 20 walemba mayeso a MSCE ndipo akupalasa kabaza, n'kumatsala ndi K100,000 pa mwezi. Akuganiza zosiya njingayo kuti akaphunzire kuwotcherera zitsulo kwa zaka ziwiri. Fizi, zipangizo ndi ovolosi zikukwana K600,000 pa chaka, ndiye kuti K1,200,000 pa zaka ziwirizo. Koma pa miyezi 24 imeneyo sapalasanso, choncho wataya K2,400,000 ya kabaza. Mtengo weniweni wa maphunzirowo ndi K3,600,000, ndipo fizi ndi zipangizo zangokhala gawo limodzi mwa magawo atatu.

Tsopano tinene kuti wamaliza, wapeza ntchito pa shedi ina yopanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo akupeza K160,000 pa mwezi. Phindu la maphunziro ake si K160,000 yonseyo, chifukwa K100,000 akadaipezabe pa njinga. Phindu ndi K60,000 yapamwambayo, imene pa chaka ikukwana K720,000. Ndiye kuti mpamba wake ubwerera pakatha zaka zisanu, ndipo chaka chilichonse ukubala K20 pa K100 iliyonse imene idalowa. Akafika zaka 27 wabweza zonse, ndipo kutsogolo kwake kwatsala zaka zoposa 30 zodyerera. N'chifukwa chake maphunziro aatali amapindulira kwambiri achinyamata. Bambo wa zaka 55 akalowa kosi yomweyo alipira mtengo wofanana kapena woposerapo, poti amasiya malipiro okulirapo, koma zaka zokolola zamutsalira zochepa.

Manambala omwewa amasonyezanso mmene zinthu zimasokonekera. Ngati owotcherera achuluka m'tauniyo, mnyamata uja n'kumapeza K120,000 yokha, kusiyana kumatsika kufika pa K240,000 pa chaka. Mpamba uja ubwerera pakatha zaka 15, ndipo phindu lake silikwana K7 pa K100. Ngati wamaliza kosi koma wakhala chaka chathunthu akufunafuna ntchito osapalasa, K1,200,000 ina yawonjezeka pa mtengo. Akasiyira panjira chaka chimodzi chitatha, wataya K1,800,000 ndipo mwina wabwerera ku kabaza wopanda luso logulitsa. Pa mawerengedwe onsewa tatenga mitengo ngati kuti sikusintha. Pamene kwacha ikugwa mphamvu, tiyenera kuyerekeza zimene ndalamazo zingagule, chifukwa malipiro amene akwera mofanana ndi mtengo wa chimanga sadakwere kwenikweni.

Kafukufuku weniweni amachita zomwezi, koma pa anthu zikwizikwi. Njira yofala kwambiri adaikhazikitsa Jacob Mincer mu 1974. Amatenga malipiro a anthu ambiri, zaka zimene aliyense adakhala pasukulu ndi zaka zimene wakhala pantchito, n'kuona kuti chaka chimodzi chowonjezera cha sukulu chimakweza malipiro motani. George Psacharopoulos ndi Harry Patrinos atasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri mu 2018, adapeza kuti pa dziko lonse chaka chimodzi cha sukulu chimawonjezera pafupifupi K9 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo phindu la amayi limaposa la abambo. Izi sizikutanthauza kuti amayi amalandira zambiri. Zikutanthauza kuti kusiyana kwa mayi wophunzira ndi mayi wosaphunzira n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa abambo awiri otere.

Pali funso limene limavutitsa akatswiriwa. Kodi ndi sukuludi imene imakweza malipiro, kapena ana amene amapita patali ndi omwe anali kale anzeru, akhama, kapena a m'mabanja opeza bwino? Mu 1973, Michael Spence adafotokoza kuti satifiketi ingathe kukweza malipiro ngakhale sukuluyo isadaphunzitse chilichonse chothandiza pantchito. Bwana sangaone m'mutu mwa wofunsira ntchito, choncho amadalira pepala ngati umboni woti munthuyu amapirira ndipo amamaliza zimene wayamba. Chizindikiro chimodzi cha zimenezi chimaoneka malipiro akamadumpha kwambiri pa chaka chopereka satifiketi chokha. Amene adalekera kumapeto kwa Fomu 3 ndi amene adakhoza MSCE amasiyana chaka chimodzi cha m'kalasi, koma pa khomo la ofesi amalandiridwa mosiyana kwambiri.

Yankho limodzi lomveka lidachokera ku Indonesia. Kuyambira 1973 mpaka 1978, boma la kumeneko lidamanga sukulu za pulayimale zoposa 61,000, madera ena zambiri, ena zochepa. Esther Duflo adayerekeza anyamata amene anali aang'ono pamene sukuluzo zinkatsegulidwa ndi akulu awo amene msinkhu wa pulayimale udawapitirira kale. Ana amenewa sadasankhe kubadwira kumene kudamangidwa sukulu zambiri, ndiye nkhani ya nzeru zobadwa nazo sinkalowapo. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2001, zidasonyeza kuti ana a m'madera a sukulu zambiri adakhalitsa pasukulu, ndipo atakula chaka chilichonse chowonjezera chidakweza malipiro awo ndi K7 mpaka K11 pa K100. Pepala lili ndi mphamvu yake, koma kuphunzira kwenikweniko kumalipiranso.

Becker adafotokozanso chifukwa chake wophunzira ntchito pa galaja kapena kwa telala amalandira ndalama ya sopo yokha, mwinanso kulipira mwini malo. Luso lokonza injini kapena kudula nsalu lingagwire ntchito kulikonse. Mwini galaja akaphunzitsa mnyamata ndi ndalama zake, mnyamatayo angathe kuchoka mawa n'kukatsegula yake patsidya pa msewu. Choncho mtengo wa luso lotere umagwera wophunzirayo, ndipo amaulipira polandira zochepa pa zaka zophunzira. Koma luso lothandiza pa kampani imodzi yokha, monga kuyendetsa makina amene kwina kulibe, kampaniyo imalolera kulipirira, chifukwa wantchito sangakaligulitse kwina. Mantha oti wophunzitsidwa adzathawa ndi amene amachititsa mabwana ena kusainitsa antchito pangano loti agwirebe ntchito zaka zingapo akabwera ku kosi. Kuno ku Malawi, bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limatolera kwa olemba ntchito K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo, kuti mtengo wophunzitsa amisiri ugawidwe pakati pa mabwana onse, osangogwera amene amaphunzitsa okha.

Mpamba umenewu umasiyana ndi nyumba kapena galimoto pa chinthu chimodzi chachikulu: sungaperekedwe ngati chikole. Banki singalande luso la munthu akalephera kubweza ngongole, choncho siikonda kubwereketsa ndalama za sukulu kwa mwana wa mlimi wopanda katundu, ngakhale mawerengedwe atasonyeza kuti maphunzirowo angapindule. Apa m'pamene boma limalowererapo, monga kudzera m'ngongole za ophunzira a m'mayunivesite kapena kuchotsa fizi. Boma la Malawi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa adakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Izi zidasonyeza kuti makolo ambiri ankafuna sukulu, chimene chinkawatsekereza ndi ndalama.

Chaka chomwecho chidaonetsanso malire a kuwerenga zaka zokha. Makalasi adadzaza, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba mwachangu aphunzitsi ambiri amene anali asanapite ku koleji ya zauphunzitsi. Mwana amene wakhala zaka zisanu m'kalasi koma sangawerenge malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu walipira mtengo wa zaka zisanu, koma luso lobweretsa phindulo sadalipeze. N'chifukwa chake Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, kuyambira mu 2018, poyeza mpamba wa mwa anthu m'mayiko imachotsera zaka za sukulu malinga ndi mmene ana akukhozera pa mayeso.

Banja limene likuganiza zogulitsa mbuzi kuti mwana akachite kosi lingathe kuwerengera lokha. Liyambe lalemba fizi ndi zipangizo, liwonjezere ndalama zimene mwanayo asiye kupeza pa miyezi yonse ya kosiyo. Kenako lifufuze kwa amene adamaliza kosi yomweyo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, kuti angati akugwiradi ntchito imene adaphunzira, adadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo akupeza zingati. Pofunsa asasankhe yekhayo amene zidamuyendera bwino, afunsenso amene adasiyira panjira ndi amene akadali pakhomo, chifukwa phindu loyembekezeka limawerengedwa pa gulu lonse limene lidalembetsa kosiyo.