Kuyeza munda ndi masitepe: yambani ndi kudziwa kutalika kwa sitepe yanu

Alimi ambiri amati ekala ndi masitepe 70 mulitali ndi masitepe 70 mulifupi. Mawuwa ndi oona pokhapokha sitepe iliyonse ikhale yadi imodzi, yomwe ndi masentimita 91. Koma anthu ambiri akamayenda mwachizolowezi amatambasula miyendo masentimita 60 mpaka 80 okha. Ngati sitepe yanu ndi masentimita 71, malo a masitepe 70 mbali zonse ndi mamita 50 mulitali ndi mamita 50 mulifupi, ndipo amenewa angopitirira pang'ono theka la ekala. Mbewu ndi feteleza zimawerengedwa potengera kukula kwa munda, choncho mukaphonya poyeza, mwaphonyanso pogula ndi pothira.

Kuyeza sitepe yanu

Sitepe ndi mtunda wochokera pa chidendene cha phazi limodzi kufika pa chidendene cha phazi linalo pamene mukuyenda. Mufunika zikhomo ziwiri ndi tepi yoyezera, yomwe mungabwereke kwa alangizi kapena amisiri omanga nyumba. Tepi yaitali ikasowa, yezani chingwe cha mamita 10 ndi tepi ya telala, kenako muchiyale kasanu motsatizana.

1. Pezani malo a fulati, monga bwalo la mpira, ndipo khomani zikhomo motalikirana mamita 50.

2. Yendani kuchokera pa chikhomo choyamba kufika pa chachiwiri monga mumayendera masiku onse. Werengani nthawi iliyonse phazi likaponda pansi, lamanja ndi lamanzere lomwe. Musatambasule miyendo mokakamiza, chifukwa simungayende choncho munda wonse.

3. Chitani zimenezi kanayi ndipo lembani masitepe a ulendo uliwonse.

4. Phatikizani manambala anayiwo, kenako gawani ndi 4.

5. Gawani mamita 50 ndi nambala mwapezayo. Yankho lake ndiye kutalika kwa sitepe yanu.

Tiyerekeze mlimi wa ku Bembeke amene wapeza masitepe 69, 71, 70 ndi 70. Onse pamodzi ndi 280, ndipo tikagawa ndi 4 tipeza 70. Mamita 50 kugawa ndi 70 ndi mamita 0.71, kapena kuti masentimita 71. Chosavuta kukumbukira ndi ichi: kwa mlimiyu masitepe 7 ndi mamita 5, ndipo masitepe 14 ndi mamita 10.

Ngati maulendo anu akusiyana ndi masitepe opitirira atatu, ndiye kuti mukusinthasintha mayendedwe. Pumani pang'ono ndi kuyambiranso. Nambala mwapezayo ndi yanu nokha. Amuna anu, akazi anu kapena mwana wanu akafuna kuyeza munda, ayambe apeza yawo.

Kuyeza munda

Yendani mbali zonse zinayi za munda, chifukwa minda yambiri mbali zake sizifanana. Mukakwanitsa masitepe 50 ikani kamwala kapena njere ya chimanga m'thumba kuti musasokoneze chiwerengero.

Mlimi wathu uja wapeza masitepe 112 ndi 98 pa mbali ziwiri za mulitali. Tikaphatikiza ndi kugawa pawiri tipeza 105. Pa mbali za mulifupi wapeza 60 ndi 52, zomwe zikupereka 56. Popeza masitepe 7 ndi mamita 5, masitepe 105 ndi mamita 75, ndipo masitepe 56 ndi mamita 40. Tikachulukitsa 75 ndi 40 tipeza masikweya mita 3,000.

Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, pomwe ekala imodzi ndi pafupifupi masikweya mita 4,000. Choncho mundawu ndi mahekitala 0.3, kapena magawo atatu mwa anayi a ekala. Chimanga chobzala mwa Sasakawa, njere imodzi pa phando, chimafuna mbewu yokwana pafupifupi makilogalamu 25 pa hekitala, kotero iye agule makilogalamu 7.5. Ngati alangizi amuuza kuthira thumba limodzi la makilogalamu 50 pa ekala, munda wake ufuna makilogalamu 37 kapena 38.

Akanatenga sitepe iliyonse ngati mita yathunthu, akanachulukitsa 105 ndi 56 n'kupeza 5,880, yomwe ndi pafupifupi ekala ndi theka. Akanagula mbewu ya minda iwiri ali ndi munda umodzi. Pokolola akanaonanso ngati mundawo sunabereke, pamene chavuta ndi muyeso.

Munda ukakhala wokhotakhota, udulenidulenini ndi zikhomo m'zigawo zooneka za ngodya zinayi, yezani chigawo chilichonse pachokha, kenako phatikizani. Kachigawo ka ngodya zitatu, chulukitsani mbali ya pansi ndi mtunda wolunjika kuchokera pa mbaliyo kufika kunsonga, kenako gawani pawiri. Chotsani malo osalimidwa monga matanthwe ndi zigwembe.

Minda ya pamtsetse

Ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kumene minda yambiri ili pa chigwa, sitepe yoyezedwa pa bwalo imagwira ntchito bwino. Kumtunda kuno, monga ku Bembeke, ku Kanyama ndi m'mphepete mwa phiri la Dedza, minda yambiri ya chimanga, nyemba ndi kachewere ili pamtsetse. Pokwera, masitepe amafupika ndipo amachuluka, choncho munda umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Potsika pamalo otsetsereka kwambiri munthu amapondanso mosamala, ndipo sitepe siifanana ndi ya pafulati.

Pachifukwa ichi khalani ndi masitepe awiri: ya pafulati ndi ya pamtsetse. Yalani chingwe cha mamita 50, kapena 30 ngati malo ndi ochepa, pa mtsetse wa m'munda mwanu momwemo. Kwerani kawiri, tsikani kawiri, ndipo werengerani monga poyamba paja. Poyeza mbali yokwera ya munda, yendaninso mokwera ndi motsika ndi kutenga nambala yapakati. Mbali yopingasa phiri gwiritsani ntchito sitepe ya pafulati.

Musayeze podumpha mizere. Mukatero mapazi amangotsatira mizereyo, ndipo mumawerenga mizere m'malo mwa masitepe anu. Yendani m'malire mwa munda kapena mu khwawa la pakati pa mizere iwiri. Ngati palibe podutsa pabwino, werengani mizere yonse ndi kuchulukitsa ndi kutalikirana kwake. Kutalikiranako kupezeni ndi tepi: yezani kuchokera pa msana wa mzere woyamba kufika pa msana wa mzere wa nambala 11, ndipo gawani ndi 10. Musangoganiza kuti ndi masentimita 75, chifukwa minda yambiri ikadali ndi mizere yotalikirana masentimita 90 kapena kuposa. Munda wa mamita 40 mulifupi umalowa mizere 53 ya masentimita 75, koma 44 yokha ya masentimita 90.

Matope, udzu wautali, katundu pamutu, mwana kumsana ndi kutopa zonse zimafupikitsa sitepe. Yezani nthaka ili youma, musanayambe ntchito ya tsikulo, mutavala nsapato zomwe munavala poyeza sitepe ija.

Pomwe masitepe sakwanira

Kuphonya pang'ono pa mbali za munda kumakula mukachulukitsa. Mukaphonya masitepe 5 pa 100 aliwonse mulitali ndi mulifupi, kukula kwa munda kumaphonyeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100. Izi sizivuta pogula mbewu ndi feteleza, kapena pokambirana za ganyu ndi lendi ya munda. Koma pa munda wachitsanzo woyerekeza zokolola gwiritsani ntchito tepi. Masitepe sangakuuzeninso pomwe mzere wa akalozera uyenera kudutsa, chifukwa ntchito imeneyo imafuna A-felemu kapena laini levo. Nkhani za malire ndi kulembetsa malo zisiyireni mafumu ndi akatswiri oyeza malo.

Alimi otsogolera angakhome zikhomo za mamita 50 pamalo pomwe kalabu imakumana, kuti membala aliyense ayeze sitepe yake ndi kuilemba m'kope la kalabu mvula isanagwe.